Ntchito zina zimene ahedi andipatsa

Mphunzitsi wa kupulayimale amagwira ntchito ziwiri, koma pa sivi amalembapo imodzi. Yoyamba ndi ya choko, imene aliyense amaiona. Yachiwiri ndi ya mapepala: marejistala, maminitsi, malisiti ndi mafomu a kuboma. Akafuna kuchoka m'kalasi kupita muofesi, yachiwiriyi ndi imene ingamulembetse ntchito, koma ndi imenenso amaibisa.

Achemwali anga aphunzitsa zaka 11. Mwezi wathawu anaona kuti bungwe lina ku Lilongwe likufuna wothandiza za muofesi, ndiye ananditumizira sivi yawo pa WhatsApp kuti ndiikonze. Inali masamba anayi. Tsamba loyamba linadzaza ndi mudzi, mfumu, mpingo ndi zoti ali pabanja. Maphunziro anayambira Sitandade 8. Pa ntchito analemba zophunzitsa masamu, kukonza masikimu ndi kuchonga makope, kenako mzere umodzi wotsiriza: ntchito zina zimene ahedi andipatsa.

Chilengezo cha bungwelo chinkafuna zinthu zinayi: kusunga mafayilo, kulemba makalata ndi maminitsi, kusamala kandalama ka tsiku ndi tsiku, komanso kompyuta. M'masamba anayi aja munalibe ngakhale chimodzi. Wosankha anthu amakhala ndi mulu wa makalata, ndipo sangakhale pansi n'kumaganizira kuti mwina mphunzitsiyu amasunganso mafayilo. Chimene sichinalembedwe, kwa iye kulibe.

Ndinawaimbira. "Achemwali, ntchito zinazi ndi ziti kwenikweni?"

"Iwe, zachabechabe izo. Zongothandiza ahedi basi."

Titacheza ola lathunthu, zachabechabezo zinapezeka kuti ndi izi. Kwa zaka 5 ndi iwo amene akhala akulembetsa ana a Sitandade 8 ku MANEB, pafupifupi 140 chaka chilichonse, kuona dzina lililonse ndi tsiku lobadwa, poti dzina likalakwika pamenepo limakalakwikanso pa satifiketi. Amalemba maminitsi a misonkhano ya aphunzitsi ndi ya makolo. Buku la katundu wa sukulu amasunga ndi iwo, ndipo malisiti a zimene komiti yagula amawaika mufayilo motsata masiku.

Sivi yeniyeniyo tinailemba m'Chingerezi, koma mzere uliwonse tinaupatsa zinthu zitatu: chimene anachita, kuchuluka kwake, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Pamene akanangoti "kuthandiza pa mayeso" tinati analembetsa ana 140 pachaka kwa zaka 5 ndipo mafomu ankafika tsiku lomaliza lisanakwane. Nambala iliyonse ndinkawafunsa ngati ahedi angaivomereze ataimbiridwa foni. Imene anakayikira tinaisiya.

Kenako tinasanja. Pamwamba, pansi pa dzina, foni ndi imelo, tinaika mizere itatu yonena kuti ndi mphunzitsi wa zaka 11 amene wakhala akusunga marekodi a sukulu. Mizere ya ntchito tinaiyala motsata dongosolo la chilengezo chija, mafayilo poyamba, choko pomaliza. Maphunziro tinayambira satifiketi ya uphunzitsi, kenako MSCE, n'kulekera pomwepo. Mudzi ndi mpingo zinachoka. Pa anthu owachitira umboni tinachotsa abusa n'kuikapo wapampando wa komiti ya sukulu, poti iye ndi amene anaona malisiti aja. Inatsala masamba awiri, n'kuisunga ngati PDF kuti isasokonekere potsegula pafoni.

Pali malire awiri amene sitinadumphe. Mnzawo wina anawauza kuti angosintha dzina la udindo, alembe kuti anali woyang'anira ofesi. Foni imodzi kwa ahedi ikhoza kugwetsa zonsezo, n'kugwetsanso zoona zomwe. Udindo unakhalabe mphunzitsi. Malire achiwiri anali a kompyuta. Iwo ankafuna tilembe kuti amaidziwa bwino, koma pa intavyu ya ntchito ngati iyi akhoza kukukhazika pa laputopu pompo. Amatha kutayipa kalata mu Word, kuika malikisi mu Excel, kuwonkhetsa ndi kusanja maina. Tinalemba zomwezo, osawonjezera.

Povuta panali pa zophunzitsa. Ndinafupikitsa mizere khumi kukhala iwiri, ndipo atawerenga anangoti zii pafoni.

"Ndiye zaka zonsezi ndi ana aja zakwana apa?"

Ndinalibe yankho lokoma. Sivi si mbiri ya moyo wa munthu, ndi yankho la chilengezo chimodzi. Komabe panali mzere umodzi umene anakana kuuchotsa, wonena kuti anakhala ndi kalasi ya ana oposa 90 ali yekha. Tinausiya, ndipo ndikuona kuti ukugwira ntchito. Munthu amene amakhazikitsa bata ana 90 n'kumalizabe rejistala sangazunguzike ndi alendo atatu palisepushoni.

Kalata yapita Lachisanu. Panopa akudikira, uku akuchonga mayeso a temu ino.