Chaputala 3 cha munthu amene sanapite kumudzi

Anzanga a pagulu pano, ena mwa inu mukulemba kafukufuku wa kusukulu pogwiritsa ntchito manambala amene boma linatolera kale. Mukafika pa chaputala 3, pofotokoza njira zimene mwatsata, mumaima mutu. Mulemba chiyani poti simunapite kumudzi, simunafunse munthu ngakhale mmodzi? Ambiri amangoika mizere iwiri, akuti "deta tinaitenga ku NSO", basi. Ine ndikawerenga zotere ndimadziwiratu kuti woyesa akaibweza ntchitoyo, ndipo sindingamuimbe mlandu.

Tiyerekeze kuti mutu wanu ndi mimba za atsikana achichepere, ndipo mwatenga deta ya MDHS ya 2015-16, imene anatolera a NSO, ofesi ya kalembera ija ya ku Zomba. Chinthu choyamba, fotokozani zimene eni akewo anachita. Sanafunse mtsikana aliyense m'dziko muno ayi. Anayamba asankha timadera 850 kuchokera pa mndandanda wa kalembera wa 2008, kenako m'timaderamo anasankha makomo, n'kucheza ndi amayi 24,562 a zaka 15 mpaka 49. Zimenezi zilembeni m'mawu anu, chifukwa zofooka za kasankhidwe kawo tsopano ndi zanunso.

Pali chifukwa china. Likoma ili ndi anthu osafika 15,000, pamene mzinda wa Lilongwe wokha unali pafupi ndi miliyoni pa kalembera wa 2018. Akanati azisankha motsata kuchuluka kwa anthu basi, ku Likoma akanapezako amayi owerengeka pa zala, osakwana kunenerapo kanthu. Ndiye kumalo kochepa anthu amatengako ambiri dala. Zotsatira zake n'zoti mufailo yanu mayi wa ku Likoma ndi wa ku Lilongwe aliyense ali ndi mzere umodzi, koma wa ku Lilongweyo akuimira anthu ambiri zedi. N'chifukwa chake mzere uliwonse uli ndi nambala ya kulemera kwake, yotchedwa v005. Mukaisiya, peresenti yanu ndi ya anthu a mufailo, osati ya Malawi. Mu Stata amatero:

```
gen wt = v005/1000000
svyset v021 [pw=wt], strata(v022)
```

Mzere wachiwiriwo ukuuza kompyuta kuti anthuwa anasankhidwa m'magulu. Atsikana a m'mudzi umodzi amafanana pa zambiri, sukulu ndi yomweyo, chipatala n'chomwecho, ndiye makumi awiri a iwo sangakuuzeni zambiri ngati makumi awiri omwazikana dziko lonse. Kompyuta mukapanda kuiuza, imakupatsani chitsimikizo chabodza, n'kuoneka ngati mwapeza kusiyana pomwe mwina palibe. Nenani m'chaputalamo kuti munachita zimenezi, ndi pulogalamu imene munagwiritsa ntchito.

Tsopano gawo limene ine ndimaliona ngati mtima wa chaputala chonse: zimene inuyo munachita deta itafika m'manja mwanu. Mwa amayi onse aja mwasungako a zaka 15 mpaka 19 okha. Lembani kuti munayamba ndi angati, mwatsala ndi angati, ndipo amene mwawachotsa mwawachotseranji. Kenako tanthauzo. "Wayamba kubereka" ndi ndani? Lipoti la MDHS limawerenga amene anabereka kale mwana wamoyo, kuphatikizapo amene ali ndi pakati poyamba, ndipo linapeza 29 pa 100 alionse. Inu mumanga zomwezo kuchokera pa v201, ana onse amene anabereka, ndi v213, ngati ali woyembekezera. Musanathamangire kwina, werengerani muone ngati 29 yemweyo akutuluka. Akapanda kutuluka, penapake paphonyeka, kawirikawiri pa kulemera paja kapena pa tanthauzo. Akatuluka, lembani chiganizo chimodzi chonena zimenezo. Woyesa amene amaidziwa detayi akachiona mtima umakhala m'malo.

Za chilolezo musatalikitse. Munalembetsa ku DHS Program, munafotokoza cholinga chanu, anakupatsani failo yopanda mayina a anthu. Zakwana.

Pa malire a kafukufuku, chonde musangoti "nthawi inachepa". Nenani zimene detayi singayankhe. Mtsikana wa zaka 14 woyembekezera mulibemo, chifukwa osafika zaka 15 sanafunsidwe. Amene anapita padera, tanthauzo lija silimuwerenga. Ndipo mayi aliyense anafunsidwa kamodzi kokha, maphunziro ake analembedwa monga analili tsiku limenelo. Mukapeza kuti mimba n'zochuluka mwa amene sanapite patali ndi sukulu, simunganene kuti kusiya sukulu ndiko kunabweretsa mimbazo. Mwina mimbayo ndi imene inamuchotsa m'kalasi. Funso loti chinayamba n'chiti, manambala amenewa sakuyankha, ndiye m'chaputala 5 muzilemba kuti ziwirizi zikuyendera limodzi, osati china chinachititsa chinzake.