Kaundula wa ojomba: tikugawa ndi maola angati?

Ife amene tinaphunzira sukulu ya pulayimale isanakhale yaulere mu 1994, tinakula ndi kaundula wa chikuto cholimba. Aphunzitsi amaitana maina m'mawa uliwonse, ana n'kumayankha mmodzimmodzi, ndipo pa dzina la amene sanayankhe amalembapo kachizindikiro kozungulira. Aliyense amadziwa kuti kujomba n'kulakwa, koma sindikumbukira kuti wina anawerengerapo peresenti. Amene wajomba kwambiri amatumidwa kukaitana makolo. Nkhani imathera mu ofesi ya ahedi, amene amadziwa kuti uyu mayi ake akudwala, uyu amangozemba kupita ku mtsinje.

Moyo wanga wa ntchito ndauthera m'makoleji a mu Lilongwe muno, makamaka ophunzitsa madzulo ndi kumapeto kwa sabata, ndipo kumeneko ndi kumene ndinaonera kusinthako. Lamulo lokha silinasinthe kwenikweni. Makoleji ambiri amafuna kuti wophunzira akhale atapezeka m'kalasi pa 75 kapena 80 peresenti ya maphunziro asanaloledwe kulemba mayeso omaliza, ndipo kumene ndagwirako ntchito inali 80. Chimene chasintha ndi mawerengedwe ake, komanso amene amawerenga.

Nditayamba ntchito, lamulolo linali m'kabuku ka malamulo a koleji koma limangogona. Kalasi inali ya anthu makumi awiri kapena atatu, mphunzitsi amawadziwa onse pa nkhope, ndipo mayeso akayandikira amangopita kwa mkulu wa dipatimenti kukanena kuti uje ndi uje sanawaone chiyambireni mwezi wa Marichi. Kenako makalasi anakula. Anthu ogwira ntchito ku Capital Hill, m'mabanki a ku City Centre ndi m'masitolo a m'tauni anayamba kufuna madipuloma ndi madigiri, ndipo makoleji omwe si aboma anatsegulidwa m'nyumba zosanja za ku Old Town ndi m'nyumba zokhalamo anthu za ku Area 3, Area 10 ndi Area 47. Kuitana maina a anthu zana kumadya nthawi yophunzira, choncho kunabwera pepala loyenda m'manja, aliyense kusayina pa dzina lake. Pepala limenelo linabweretsa vuto lake, kusayinirana. Amene wagwira mapepalawa nthawi yaitali amazindikira msanga: masiginecha anayi otsatizana a cholembera chimodzi, opendekera mbali imodzi, kapena maina 62 osayinidwa m'chipinda chomwe mitu inali 48. Mankhwala ake ndi akale ndipo sanathe ntchito: mphunzitsi awerenge mitu, alembe chiwerengerocho pansi pa pepala, ndipo asayine iye mwini lisanatuluke m'kalasi.

Lamulo lokhazikitsa bungwe loyang'anira maphunziro a ukachenjede la NCHE litadutsa mu 2011, makoleji anayamba kusunga mapepala aliwonse osonyeza kuti kuphunzitsa kumachitikadi, ndipo makompyuta anali atafika pa desiki iliyonse. Masiku ano mapepala aja amalowetsedwa mu Excel. Mzere uliwonse ndi wophunzira, danga lina ndi maola amene anapezeka, lina ndi maola onse, ndipo danga lomaliza limapereka chigamulo:

```
=IF(C2/D2>=0.8,"ALEMBE","ASALEMBE")
```

Sindidana nako kuwerengera kumeneku. Masiku a kaundula wa m'mutu mwa mphunzitsi, amene amadziwa kulankhula bwino kapena amene anali pachibale ndi wina wa mu ofesi amalowa mayeso, mnzake wamanyazi wojomba chimodzimodzi n'kubwezedwa pakhomo. Kompyuta siyang'ana nkhope. Koma chimene chimandivutitsa mtima n'chakuti aliyense amayang'anitsitsa danga la C, la maola amene wophunzira anapezeka, pamene chilungamo chonse chagona mu danga la D, nambala imene tikugawa nayo.

Tiyeni titenge nkhani ya mtundu umene umafika pa desiki panga semesita iliyonse. Ndi mayi wogwira ntchito yowerengera ndalama ku City Centre, ndipo amaphunzira madzulo ku Old Town. Phunziro lake limakumana kamodzi pa sabata, maola atatu, kwa masabata 14. Onse pamodzi ndi maola 42, ndipo 80 peresenti yake ndi maola 33.6. Anthu ambiri akamva 80 peresenti amaganiza kuti mpata ndi waukulu, koma pa phunziro lotere munthu angajombe kawiri kokha. Akajomba kachitatu watsala ndi maola 33 pa 42, omwe ndi 78.6 peresenti, ndipo wagwa kale.

Mayiyu anajomba kawiri. Ulendo woyamba kunali kumapeto kwa mwezi, tsiku lotseka mabuku a malipiro, pamene mabwana salola munthu kuweruka msanga. Ulendo wachiwiri anagonekedwa ndi malungo. Koma m'semesita yomweyo makalasi awiri sanachitike n'komwe: tsiku lina mphunzitsi anali ku msonkhano, tsiku lina magetsi anazima ndipo jenereta inalibe mafuta. Choncho makalasi amene anachitikadi ndi 12, ndipo mayiyu anapezeka pa 10, omwe ndi maola 30. Kalaliki akatenga nambala ya pa ndandanda ya chaka, n'kulemba 42 mu danga la D, mayiyu apeza 71.4 peresenti ndipo dzina lake lituluka pa bolodi la oletsedwa. Akalemba 36, maola amene anaphunzitsidwadi, apeza 83.3 peresenti ndipo alemba mayeso. Munthu ndi yemweyo, mapepala ndi omwewo. Pa mawerengedwe oyambawo, wophunzira walangidwa chifukwa cha kujomba kwa koleji.

Cholakwa chimenechi chimaoneka mosavuta kwa amene akufuna kuchiona. Ngati m'kalasi yonse palibe ngakhale mmodzi amene wafika 100 peresenti, ndipo akhama onse aimira pa nambala imodzi, monga 85.7, ndiye kuti danga la D lili ndi maola amene sanaphunzitsidwe. M'kalasi iliyonse mumakhala munthu mmodzi kapena awiri amene sajomba ngakhale kugwe mvula yotani, ndipo mizere yawo ndi imene ndimayamba kuyang'ana.

Nkhani ya mayiyu siithera pamenepo. Mphunzitsi pofuna kubweza nthawi yotayika, analengeza pa gulu la WhatsApp Lachinayi usiku kuti kukhala kalasi Loweruka m'mawa. Mayiyu amapemphera Loweruka, ndipo sanabwere. Kalasi imeneyo ikawerengedwa, maola onse afika 39, ake akadali 30, ndipo peresenti yatsika kufika 76.9. Apa ndiye pamafunika mutu wa munthu. Maganizo anga ndi akuti kalasi yobweza imene sinali pa ndandanda imene wophunzira anavomera polembetsa iziwonjezera maola kwa amene abwera, koma isamachotsere amene alephera kubwera. Aphunzitsi ena sagwirizana nane. Amati mukatero palibe adzabwere ku makalasi obweza, ndipo mfundo yawo ndimaimva. Koma munthu wogwira ntchito anapempha chilolezo kwa abwana ake potengera ndandanda yolembedwa, ndipo sangasinthe moyo wake pa chidziwitso cha masiku awiri.

Nanga tsiku lija la malungo? Mayiyu ali ndi buku lake la kuchipatala, lolembedwa tsiku ndi kudindidwa. Makoleji amachita mosiyana. Ena amaliwerenga tsikulo ngati kuti anapezeka, ndipo zimakhala 33 pa 39, kapena 84.6 peresenti. Ena amalichotsa pa maola onse, n'kukhala 30 pa 36, yomwe ndi 83.3. Ena amati 20 peresenti yotsalayo inaikidwira zimenezo kale, matenda ndi maliro, choncho palibe chochotsa, ndipo mayiyu akhalabe pa 76.9. Njira iliyonse mwa zitatuzi ili ndi chifukwa chake. Chosavomerezeka n'kusankha njirayo mayeso atayandikira, mutaona kale maina a amene akhudzidwa. Iyenera kulembedwa m'kabuku ka malamulo semesita isanayambe. Ndionjezenso kuti kwa ophunzira unamwino ndi zachipatala, amene amakagwira ntchito m'mawodi a ku Kamuzu Central ndi ku Bwaila, nkhani ndi ina. Kumeneko ola limene sunakhale pambali pa wodwala ndi luso limene sunaphunzire, ndipo buku la kuchipatala lingakupatse mwayi wobweza maolawo koma silingawalowe m'malo.

Palinso kamsampha kakang'ono ka pa kompyuta. Wophunzira amene wapezeka maola 35 pa 44 ali ndi 79.5 peresenti. Ngati dangalo linakonzedwa kuti lisamaonetse manambala a pambuyo pa kadontho, pa sikirini padzaoneka 80%, koma chigamulo chidzati ASALEMBE, chifukwa Excel imayerekezera ndi nambala yeniyeni osati imene ikuoneka. Wophunzira amabwera atakwiya, pepala lili m'manja, ndipo ali ndi chifukwa chokwiyira. Koleji iyenera kusankha ngati 79.5 imakwezedwa kufika 80 kapena ayi, n'kuonetsa peresentiyo ndi nambala imodzi ya pambuyo pa kadontho kuti aliyense aone chimene makina akuona.

Mzinda nawo umalowa m'kaundula. Kumene lamulo limati wofika patapita mphindi 15 wajomba, amene amachokera ku Area 43 pa galimoto yake ndi amene amadikira minibasi ku City Centre pamene aliyense akuweruka sali pa liwiro limodzi, ngakhale onse amatsekeredwa pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe. Nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2011 ndi mu 2022, komanso masiku a zionetsero za mu 2019 pamene masitolo a m'tauni amatsekedwa, mapepala athu amabwera ndi theka la maina opanda siginecha. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa korona, ndipo makalasi ena atasamukira pa intaneti, kupezeka kunasanduka nkhani ya amene ali ndi ndalama ya bandulo. Tsiku limene theka la kalasi lajomba pamodzi, ine ndimalemba chizindikiro m'mbali mwake kuti komiti ilione, chifukwa ulesi sugwira anthu makumi atatu usiku umodzi.

Chabwino chachikulu chimene kompyuta yatipatsa, chomwe ambiri sitikuchigwiritsa ntchito mokwanira, ndi kuchenjeza nthawi ikadalipo. Kale kuphatikiza kaundula yense ndi manja kumatenga masiku, n'chifukwa chake kumachitika kamodzi, mayeso atatsala sabata, ndipo munthu amamva za tsoka lake atalipira kale fizi yonse. Lero ntchito imeneyo ndi ya masana amodzi. Pa sabata yachisanu ndi chiwiri ndimapachika mndandanda wa manambala a ophunzira, osati maina, woonetsa maola amene aphunzitsidwa, maola amene aliyense wapezeka, ndi makalasi amene angajombenso asanagwe. Mayi wa ku City Centre uja akaona kuti watsala ndi kalasi imodzi yokha, amapita kwa abwana ake mwezi usanathe, kukapempha kuti tsiku lotseka mabuku amulole kutuluka folo koloko.