Kalata ya ku Chisepo: usanyengedwe ndi mapointi 21

Pamene mtsikana wina wa Folomu 4 ankanyamuka ku Chisepo kukakhala kwa azakhali ake ku Mponela kuti akamalizire komweko teremu yotsiriza, bambo ake anamupatsira kalata pamodzi ndi thumba la ufa. Za anyamata ndi za kupita ku tchalitchi anazisiyira amayi ake. Iwo analemba za zotsatira za mayeso a moko basi.

Zotsatirazo zinali zotere: Chichewa 2, Baibulo 2, Zaulimi 3, Bayoloje 4, Chingerezi 5, Kemisitiri 5, Fizikisi 6, Masamu 7. Pa mayeso a MSCE, amene amakonzedwa ndi bungwe la MANEB, nambala yaing'ono ndiyo yabwino: 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza, 9 ndi kulephera. Mapointi amawerengedwa pophatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene munthu wakhoza bwino koposa, choncho mtsikanayu anali ndi 21. Pamudzi nthungululu zinamveka.

"Naphiri mwana wanga," inayamba motero kalatayo, "21 ameneyu ndamuona ndipo ndakondwa. Koma tayang'ana bwino, Masamu sali m'kati mwake. Iwe ukufuna unamwino, ndipo kumeneko Masamu ndiwo akayambe kufunsidwa."

Bambowa sananame. Bungwe la NCHE, limene limayendetsa ntchito yosankha ophunzira opita ku mayunivesite a boma, limafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili momwemo. Koma chimenechi ndi chipata choyamba chabe. Kosi iliyonse ili ndi maphunziro akeake amene imafuna, ndipo unamwino ku KUHeS kapena digiri ya zaulimi ku Bunda siziloweka popanda kirediti ya Masamu ndi ya maphunziro a sayansi. Mwana atha kukhala ndi mapointi okongola ochokera ku Chichewa, Baibulo ndi Mbiri, dzina lake osaoneka konse pa mndandanda wa kosi imene ankailota.

Apa ndi pamene kalatayo inakhazikika, bambo akuwerengera mwana wawo ngati mmene amachitira akamasankha fodya m'shedi, tsamba lililonse pa mulu wake. Akalimbikira Chichewa n'kuchoka pa 2 kufika pa 1, mapointi atsika kufika pa 20, anthu amuyamikira, koma chitseko cha unamwino chikhalabe chotseka. Akakweza Masamu kuchoka pa 7 kufika pa 6, mapointi akhala 21 yemweyo, chifukwa Masamuwo sadzalowabe m'gulu la maphunziro asanu ndi limodzi aja. Papepala zidzaoneka ngati palibe chasintha, pamene kwenikweni giredi imodzi imeneyo ndiyo yamusandutsa munthu woyenera kupempha malo.

"Ndikudziwa kuti buku la Chichewa limakukomera kuwerenga chifukwa umalimva," anapitiriza motero. "N'chifukwa chake ndikuti ulisiyire Loweruka masana. M'mawa uliwonse mutu ukadali wozizira, Masamu."

Pambuyo pa Masamu anaika Fizikisi, popeza 6 ndi kirediti ya kumapeto kwenikweni ndipo mafunso awiri atatu akavuta imagwera pa 7. Kenako Chingerezi. Giredi 5 imaoneka yokhazikika, koma ili ndi phunziro limene likaterereka limagwetsa zonse: pa 7 njira ya ku yunivesite ya boma yatsekeka ngakhale kwina konse kuli ma 1, ndipo pa 9 ngakhale satifiketi ya MSCE yeniyeniyo palibe. Bayoloje ndi Kemisitiri zinabwera pambuyo pake, ndi chenjezo lakuti malo ndi ochepa ndipo ofuna unamwino ndi ambiri, kotero 6 amangokulowetsa mumpikisano, wa 3 ndi 4 amakhala patsogolo pako.

Mwina wina anganene kuti bambowa anapeputsa Zaulimi, phunziro limene mwana wa mlimi akanatha kutengapo 1. Sanalipeputse. Anangoona kuti masabata otsala ndi owerengeka, ndipo ola lomwelo silingapite kuwiri.

Kumunsi kwa kalatayo kunali ntchito zoti achite sabata yoyamba. Akapemphe kwa aphunzitsi mapepala a Masamu a MANEB a zaka zapitazo, awalembe wotchi ili pambali, ndipo alembe m'kope mitu imene akutayapo malikisi, kaya ndi aljebura kaya ndi magirafu, kuti aphunzitsi akadziwe pomuthandizira. Masiku olowa mu labu asawaphonye, chifukwa maphunziro a sayansi ali ndi pepala lochita ndi manja. Akafunsenso kwa ahedi chikalata cha NCHE chofotokoza zofunika pa kosi iliyonse, akopere ndi dzanja lake mzere wa unamwino ndi wa makosi ena awiri amene magiredi ake angafikire, n'kuwatumizira bambo akewo kudzera kwa amalume ake akamabwerera kuchokera ku msika wa Mponela.