Kodi anthu 100,000 angakwane pabwalo la mpira?

Nthawi ya kampeni ikafika, chipani chilichonse chimatiuza kuti kumsonkhano wake kunafika "chinamtindi cha anthu", mwinanso nkutchula nambala ngati 100,000. Ine masamu ndinawasiya ku Fomu 4, koma nambala zoterezi ndinaleka kungozimeza, chifukwa kuziyesa kumangofuna kuchulukitsa basi.

Njira yake inatchuka ndi Herbert Jacobs, yemwe ankaphunzitsa utolankhani pa yunivesite ya Berkeley ku Amereka m'zaka za m'ma 1960. Ophunzira akamachita zionetsero zokana nkhondo ya ku Vietnam, iye ankawaonera pamwamba ali mu ofesi yake. Pansi pa bwalolo panali mizere yogawa malo m'timabokosi, ndiye ankawerenga anthu m'timabokosi tingapo, nkuchulukitsa ndi timabokosi tonse. Mungoyeza kukula kwa malo, kenako mufunse kuti pa sikweya mita imodzi paima anthu angati.

Sikweya mita ndi kamalo ka mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Anthu akatayana moti mutha kudutsa pakati pawo osagunda aliyense, pamakhala munthu mmodzi. Akayandikana, awiri. Akapanikizana mapewa nkumakhudzana, anayi.

Tiyerekeze kuti msonkhano wadzaza bwalo la mpira lalikulu, la mamita 105 mulitali ndi 68 mulifupi. Amenewo ndi masikweya mita 7,140. Ngakhale titati paliponse apanikizana anayianayi, tipeza anthu 28,560. Kuti pakwane 100,000, pa sikweya mita iliyonse payenera kuima anthu 14, ndipo pamenepo tikanamva za maliro osati za msonkhano.

Komatu khamu silithinana mofanana paliponse, ndipo apa mpomwe ambiri amapusitsika. Pafupi ndi nsanja anthu amakankhana kuti aone mtsogoleri ndi magule, pamene kumbuyo kumakhala ogulitsa mandasi, ana othamangitsana ndi ena okhala panjinga zawo. Choncho ndi bwino kuligawa bwalolo patatu. Mamita 20 akutsogolo ndi masikweya mita 1,360, ndipo pa anthu anayi tipeza 5,440. Mamita 40 apakati ndi 2,720, pa anthu awiri tipezanso 5,440. Mamita 45 otsalawo ndi 3,060, munthu mmodzimmodzi. Onse pamodzi ndi 13,940, tingoti 14,000. Ndi anthu ambiri ndithu, koma onani kutalikirana kwake ndi 100,000.

Chimene chimandikwiyitsa ndi zithunzi. Wojambula akaima pansanja, kamera imaona mitu yokhayokha itasanjikizana, mipata yonse yakumbuyo nkubisika. Chithunzi chothandiza ndi chojambulidwa kuchokera pamwamba, chosonyeza pomwe khamu lathera, ndipo muzifunsa kuti chinajambulidwa nthawi yanji, poti bwalo la 10 koloko m'mawa si la 3 koloko masana. Kukula kwa malo mutha kuyeza pa Google Maps ndi "Measure distance".

Njirayi siingakupatseni nambala yeniyeni. Mukangosintha awiri aja apakati kukhala atatu, mwawonjezera anthu 2,720. Nchifukwa chake ine ndimakhulupirira mtolankhani wolemba kuti "pakati pa 12,000 ndi 17,000" kuposa wolemba 100,000 osatiuza kuti bwalolo linali lalikulu bwanji.