Mitingi pafoni, msonkhano m'kaundula

Ndine mlembi wa banki m'khonde yathu kuno kwa Nathenje, ndipo nkhani iliyonse ndimailemba kawiri. Pa WhatsApp ndimangoti: "Magaye, mitingi yathu yashifitidwa, ndi nekisiti Fulaide. Amene muli ndi loni mubwere ndi intelesiti." Palibe amadandaula. Ena amati Chichewa chotere n'chowonongeka, koma tayang'anani "yashifitidwa". Tsinde lokha ndiye lachingerezi. Ya-, -idw- ndi -a wakumapeto n'zathu zomwe, mlendoyo tamuveka zovala zapakhomo.

M'kaundula ndiye simulowa zimenezo. Sindidzifunsa ngati uthengawo ukuoneka waulemu. Ndimafunsa kuti: kodi pepalali lidzatulutsidwa tsiku lina anthu atasemphana pa ndalama? Kodi lidzawerengedwa mokweza pamaso pa amfumu? Ngati eya, ndimalemba Chichewa chokhazikika.

Ndimayamba ndi tsiku, chifukwa mkangano umabisala pamenepo. "Nekisiti Fulaide" ikalembedwa Lachiwiri, wina amamva Lachisanu likubwerali, wina la sabata yamawa. Wopita kukagula nyemba kumsika wa Mitundu akabwera sabata yolakwika, chindapusa alipire ndani? Choncho ndimalemba "Lachisanu pa 14 Malichi, 2 koloko masana".

Kenako mawu. Loni imakhala ngongole, intelesiti imakhala chiwongoladzanja, mitingi imakhala msonkhano. Koma banki, komiti, foni ndi masheya ndimazisiya. Agogo amene sanaponde m'kalasi amati "masheya anga", ndiye ndikawabweretsera "magawo" adzandifunsa kuti a munda uti. Mawu amene agogo amawatchula okha ndi Chichewa basi.

Pamene ambiri amapunthwa ndi apa: amasintha dzina n'kusiya agwirizanitsi ake. Mitingi imayenda ndi y, "mitingi yathu yasinthidwa". Msonkhano umafuna w, "msonkhano wathu wasinthidwa". Mukaona "msonkhano yathu", dziwani kuti wolembayo anaganiza za mitingi n'kungobudulapo liwu limodzi. Intelesiti nayonso: "intelesiti yakwera" iyenera kukhala "chiwongoladzanja chakwera". N'chifukwa chake chiganizo chonse ndimachilemba mwatsopano, ndikamaliza n'kuchiwerenga mokweza. Khutu limagwira msanga kuposa diso.

Akuluakulu a dera lino sanyengeka pa zolemba. Ambiri anakula akumva Buku Lopatulika la 1922, lomwe ntchito yolimasulira anaitsogolera William Murray wa mishoni ya Nkhoma, ndiye khutu lawo linazolowera Chichewa chokwanira. Zidule monga "kt" m'malo mwa "kuti" saziwerenga n'komwe. Amangokubwezera pepala.

Mu kaundula wathu tsono munalembedwa chonchi: "Msonkhano wathu wasinthidwa, udzachitika Lachisanu pa 14 Malichi, 2 koloko masana. Onse amene ali ndi ngongole adzabwere ndi chiwongoladzanja chake." Amayi apampando anawerenga, nasayina osafunsa kanthu. Madzulo ake anandilembera pafoni kuti, "Wakonfema venyu, mwanawe?"