Ndalama ya masiye, kuigwiritsa ntchito yonse pakamodzi kapena pang'onopang'ono?

Lero ndalemba motalikirapo, ndipo muyenera kundipirira, chifukwa nkhani yake ndi ya cholakwa changa.

Mu Ogasiti 2023 mlamu wanga, mkazi wa malemu mng'ono wanga, analandira ndalama za kuntchito kwa mwamuna wake. Atapatula za ana ndi za ngongole za maliro, gawo lake linali K6,000,000. Anabwera kwathu madzulo ena, nakhala pamphasa pakhonde, nati: "Alamu, ndalama iyi ndi yomaliza imene bambo a ana atandipatse. Ndikufuna igwire ntchito, isathere m'mbale." Tinagwirizana kuti agule masheya pa msika wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, popeza nyumba anali nayo kale. Funso limene linatsala linali lakuti, agule ndi ndalama yonse tsiku limodzi, kapena aigawe m'magawo?

Ine, ndi imvi zangazi, ndinayankha ndi mwambi. Ndinati pang'onopang'ono ndi mtolo. Tinaigawa m'magawo 12 a K500,000, gawo limodzi mwezi uliwonse, yotsalayo n'kukhala mu akaunti wamba ya kubanki. Ndinagona tulo tabwino usiku umenewo, ndikudziyesa wanzeru.

Ndisanakuuzeni zimene zinachitika, ndikuonetseni chimene njira ziwirizi zimasiyanira, pakuti ambiri timasankha osadziwa chimene tikusankha. Tiyerekeze kuti sheya ya kampani ina ikugulitsidwa K100. Wogula pakamodzi ndi K6,000,000 apeza masheya 60,000. Mnzake agawa ndalamayo patatu, K2,000,000 ulendo uliwonse. Mtengo ukamakwera, kuchoka pa K100 kufika pa K125 kenako K160, wachiwiriyu apeza masheya 20,000 ulendo woyamba, 16,000 wachiwiri, 12,500 wachitatu, onse pamodzi 48,500. Pa mtengo wa K160, chuma cha woyamba uja chili pa K9,600,000, cha wachiwiri pa K7,760,000. Kudikira kwamudyera K1,840,000.

Tsopano titembenuze. Mtengo ukugwa, kuchoka pa K100 kufika pa K80 kenako K50. Wogula m'magawo apeza 20,000, kenako 25,000, kenako 40,000, onse pamodzi 85,000, chifukwa ndalama yomweyo imagula zambiri zinthu zikatchipa. Pa K50 iye ali ndi K4,250,000, pamene mnzake wa pakamodzi watsala ndi K3,000,000. Taonani bwino: onse awiri aluza. Kugula m'magawo sikunamupulumutse munthuyu ku chilonda, kwangochepetsa kukula kwake.

Nkhani yonse yagona pamenepo. Wogula m'magawo amapambana mitengo ikatsika atayamba kugula, ndipo amatsalira mitengo ikakwera. Tsono funso ndi lakuti, n'chiti chimene chimachitika kawirikawiri? Kampani ya ku America yosunga ndalama za anthu yotchedwa Vanguard inafufuza zimenezi m'chaka cha 2012, poyang'ana mbiri ya misika ya ku America, ku Britain ndi ku Australia. Inapeza kuti pafupifupi kawiri pa maulendo atatu aliwonse, woika ndalama yonse pakamodzi ndiye ankatsogola. Chifukwa chake si chodabwitsa: pa zaka zambiri mitengo ya masheya imakwera kuposa mmene imatsikira, ndipo ndalama imene ikudikira panja siilandira nawo phindu limene kampani zimagawira eni masheya.

Kumeneko ndi kwa anzathu, kumene ndalama ikagona m'banki chaka chathunthu imadzuka ili pafupifupi chimodzimodzi. Kuno kwathu nkhani ndi ina, ndipo apa ndi pamene ine ndinaphonya. Ndinkaganiza kuti ndalama yodikira ili pamthunzi, ikupuma. Sindinaone kuti ili padzuwa ngati madzi oundana.

Pa 9 Novembala 2023 Banki Yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inatsitsa mphamvu ya kwacha. Dola imodzi imene inali pa K1,180 inafika pa K1,700. Tonse tinamva pa wailesi kuti 44 peresenti. Chiwerengero chimenecho ndi cha kukwera kwa mtengo wa dola, pamene kwacha imene inali m'manja mwathu inataya pafupifupi magawo atatu pa khumi aliwonse. Tsiku limenelo mlamu wanga anali atagula magawo atatu okha, a Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Ku banki kunali K4,500,000. Pa 8 Novembala ndalama imeneyo inali yofanana ndi madola oposa 3,800, ndipo m'mawa mwake inali madola osakwana 2,650. M'buku la kubanki manambala sanasinthe ngakhale tambala, n'chifukwa chake wakuba ameneyu sitimukuwira. Tinamuona masabata otsatira, pogula feteleza, simenti, malata ndi mafuta ophikira pa Mbulumbuzi.

Wina anena kuti palibe ankadziwa kuti kwacha igwa. Tsiku lake sitinkalidziwa, n'zoona. Koma kwacha inagwa mu Meyi 2012, inagwanso ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndipo madola ankasowa m'mabanki, mizere ya mafuta a galimoto ili pamaso pathu. Mitambo inali itada, ine ndinayanika ufa. Ndipo ngakhale kwacha isanatsitsidwe tsiku limodzi, kukwera kwa mitengo kumagwira ntchito yomweyo mwakachetechete. Mitengo ikamakwera ndi 30 peresenti pa chaka, monga tinaonera m'chaka cha 2024, K1,000,000 ya lero imadzagula chaka chamawa zinthu zimene lero zikugulidwa ndi K770,000. Pa ndondomeko yanga ya miyezi 12, kwacha iliyonse inkayenera kudikira, tikaphatikiza zonse, pafupifupi theka la chaka mu akaunti imene chiwongoladzanja chake chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengoko.

Masheya si dola, ndipo nawonso amatha kugwa. Koma sheya ndi gawo la kampani yokhala ndi nyumba, makina ndi katundu, imene ingathe kukweza mitengo yake zinthu zikakwera. Kwacha ya mu akaunti ilibe chodzitetezera chotero.

Wakuba wachiwiri ndi amene mabuku a ku America samulemba, koma inu mukumudziwa, chifukwa nthawi zina amakhala ifeyo. Mudzi wonse unkadziwa kuti mayi wamasiyeyu walandira. Ndalama imene yasanduka masheya n'njovuta kuipempha: kuti igulitsidwe pamafunika kulankhula ndi buloka ndi kudikira masiku, ndipo mwini wake angathe kunena moona mtima kuti ndilibe m'manja. Koma ndalama imene ili mu akaunti yolumikizidwa ku foni imatuluka ndi chala chimodzi. Mu Disembala kunagwa maliro kwawo kwa mlamu, iye ndiye anagula bokosi. Mu Januwale kunali fizi ya mwana wa mchemwali wake. Wina anabwereka K400,000 ya geni ya tomato, mpaka lero akulonjeza. Panalibe pempho limene linali lopanda pake, ndipo ine ndemwe ndikanachita manyazi kukana. Gawo lachisanu ndi limene linali lomaliza kugulidwa. Pa K6,000,000 ija, K2,500,000 yokha ndiyo inafika kumene tinkafuna.

Musamve ngati ndikunyoza kugula pang'onopang'ono. Mphunzitsi amene amapatula K30,000 pa malipiro ake mwezi ndi mwezi akuchita bwino, ndipo nkhani yake si imeneyi: iye akuika ndalama tsiku limene waipeza, palibe imene ikudikira. Nkhani yathu ndi ya munthu amene ndalama yonse ili kale m'manja, kaya ndi bonasi, kaya ndi penshoni, kaya ndi chuma cha masiye, n'kusankha dala kuimitsa ina panja.

Ngakhale kwa munthu woteroyo, pali chifukwa chimodzi chomveka chogawira, ndicho mtima wake. Pali anthu amene akagula lero, mwezi wamawa n'kumva kuti mtengo watsika kuchoka pa K100 kufika pa K80, sagona, amathamanga kukagulitsa zonse, n'kusandutsa kutsika kwa kanthawi kukhala kutaya kwenikweni. Munthu wotero kuli bwino agawe, koma adziwe kuti akugula mtendere wa mumtima ndipo mtenderewo uli ndi mtengo wake. Palinso chifukwa china chimene msika wathu umatikakamiza. Kampani zimene zili pa msika wa ku Blantyre n'zochepa, ndipo masiku ena masheya amene mukufuna sapezeka wogulitsa, kotero mumagula amene apezeka n'kudikira ena.

Mwezi watha mphwanga wina wa ku Namitambo analandira gawo lake la chuma cha malemu bambo ake, nandifunsa funso lomwe lija. Sindinamupatse mwambi. Ndinati, choyamba upatule ndalama imene ukudziwa kuti idzafunika m'zaka ziwiri kapena zitatu zikubwerazi, fizi, feteleza, matenda, ndi kagawo ka achibale, ulembe kuti n'kochuluka bwanji, kakatha katha. Ndalama imeneyo siyoyenera masheya, kaya pakamodzi kaya m'magawo. Yotsalayo, imene ungathe kuiiwala zaka zisanu kapena kuposera, uiike msanga, koma osati pa kampani imodzi. Kugawa ndalama pa miyezi ndi kuigawa pa malo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwiricho ndi chimene chimateteza kwambiri. Munthu wogula sheya ya kampani imodzi m'magawo 12 adakali ndi kampani imodzi yomweyo ikadzagwa.

Iye anati mtima wake sungalole kuika zonse tsiku limodzi. Ndinati chabwino, koma magawo akhale atatu osati 12, atherepo pa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, ndipo masiku ogulira alembedwe lero, asadzasinthidwe chifukwa cha mphekesera za pamsika. Chizindikiro chakuti ndondomeko yafa n'chosavuta kuchiona: tsiku lolembedwa lafika, iwe n'kunena kuti ndidikireko kaye. Ndipo ndalama yodikirayo isakhale mu akaunti ya pafoni. Aibwereketse boma kudzera ku banki yake pa zikalata zija za masiku 91 kapena 182, matrezhare bilu, zimene chiwongoladzanja chake chimaposa cha akaunti wamba ndipo sizitoleka ndi chala chimodzi usiku. Afunsenso buloka ndalama imene amadula pa ulendo uliwonse wogula, asanasankhe kuchuluka kwa magawo.

Mlamu wanga masheya ake a K2,500,000 aja akadali nawo, sanagulitseko ndi imodzi yomwe. Lamulungu lapitali, tikutuluka m'tchalitchi, ndinamupepesa pa uphungu umene ndinamupatsa. Anaseka, nati: "Alamu, bokosi lija ndikanagulabe. Koma ya tomato ija mukandilondolere ndinu."