Matumba 9 okha, koma yankho linatembenuka

Anzanga, tengani kakyuleta ndi pepala, chifukwa chimene ndachiona m'masamu a sitatisitikisi sindingachisunge ndekha. Funso lake linali lotere: makina akuyenera kuthira feteleza wolemera makilogalamu 50 m'thumba lililonse. Woyendera fakitale wayeza matumba 9, wapeza avereji ya 49.3, ndipo kumwazikana kwa kulemera kwa matumba omwewo, komwe timalemba kuti s, ndi kilogalamu imodzi. Kodi pa mlingo wa 5 peresenti tinganene kuti makinawo asokonekera?

Ine ndinkakayika kuti kusankha pakati pa mayeso a z ndi mayeso a t n'kwaphindu. Kawerengedwe kake n'kofanana ndendende! Muchotse 50 pa 49.3, mupeza −0.7. Mugawe s ndi 3, popeza 3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9, mupeza 0.333. Kenako mugawe ziwirizo:

```
t = (x̄ − μ) / (s / √n) = −0.7 / 0.333 = −2.1
```

Nanga chilembo cha kutsogoloko chikhale z kapena t, chisintha chiyani? Ndimo mmene ndinkaganizira. Nditatsegula matebulo, mtima unangoti phaa! Pa tebulo la z malire ndi 1.96, ndiye 2.1 wawadumpha, makina olakwa. Pa tebulo la t mumayang'ana mzere wa n − 1, apa 8, ndipo malire ake ndi 2.306. Ha! 2.1 sanafikepo. Matumba omwewo, kakyuleta yomweyo, koma uku akuti imitsani makina, uku akuti umboni sunakwane. Ndinabwerezanso ndi chala pa mzerewo, tsitsi lili nyaunyau, ndipo 2.306 anali pomwepo.

Ndinakayikanso: kodi t sakungochita mantha? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene panandikomera kwambiri. Mayeso a z amafuna kuti mudziwe σ, kumwazikana kwenikweni kwa matumba onse amene makinawo amadzaza. Ife σ tilibe. Tili ndi s, wochokera m'matumba 9 okha, ndipo s ameneyu sakhazikika. Mutatenga matumba ena 9 mawa akhoza kutuluka 0.6, mkuja 1.4. Tsiku limene watuluka wochepa, mukugawa ndi kanambala kakang'ono, yankho limafufuma, makina abwinobwino n'kuoneka olakwa. Zili ngati kuyeza nsalu ndi lasitiki: muyeso womwewo ukutamuka. Choncho t amakankhira malire patali kuti alipirire kutamukako. Mukaumirira 1.96 pa matumba 9, mudzanamizira makina abwino pafupifupi ka 9 pa 100, pomwe munalonjeza ka 5 kokha. Zodabwitsa bwanji!

Ndipo amene anazindikira izi anali munthu wa pa ntchito yofulula mowa. William Sealy Gosset ankagwira ntchito ku Guinness, mumzinda wa Dublin, kumene ankaweruza ubwino wa barele ndi zina zopangira mowa kuchokera pa zoyeza zowerengeka chabe. Mu 1908 anasindikiza zimene anapeza m'magazini ya Biometrika pa dzina lobisika lakuti Student.

Chikayiko china chinali pa lamulo limene ambiri tinaloweza, lakuti zoyeza zikachepera 30 tenga t, zikapitirira tenga z. Tsetserekani ndi chala pa tebulo la t muone: pa mzere wa 4 malire ndi 2.776, pa 8 ndi 2.306, pa 30 ndi 2.042, pa 120 ndi 1.980. Akuyandikira 1.96 pang'onopang'ono, maso anu akuona! Palibe chozizwa chimene chimachitika pa 30, kungoti kusiyanako kumakhala kwachepa. Chofunika kufufuza m'mawu a funso ndi kumene nambala ya kumwazikana yachokera. Yesani nokha, sinthani chiganizo chimodzi: funso linene kuti mabuku a fakitale a zaka zambiri akusonyeza kuti makinawa amamwaza ndi kilogalamu imodzi. Basi, ameneyo ndi σ, z walowa ngakhale matumba akadali 9, ndipo −2.1 uja tsopano akutsutsa makina. Chiganizo chimodzi chokha, abale!

Musanathamange, t nayenso ali ndi pomwe amagwera. Pa zoyeza zochepa chonchi amadalira kuti kulemera kwa matumba kumaunjikana pakati n'kumachepa mofanana mbali zonse ziwiri, n'chifukwa chake mafunso ambiri amanena zimenezi poyera. Ngati manambala onse 9 apatsidwa, ayang'aneni limodzilimodzi. Thumba limodzi lobooka la makilogalamu 44 likhoza kukokera avereji pansi n'kufufumitsa s nthawi imodzi. Ndipo polemba yankho musanene kuti makina ali bwino. Nenani kuti matumba 9 amenewa sanapereke umboni wokwanira woti avereji yasiyana ndi 50.